Kahedifoni kamodzi kakutha moto msanga, kabokosi sikakutchaja: mafunso ndi mayankho

Ndimakonza mafoni kufupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo masiku ano sabata siitha popanda munthu wobwera ndi timahedifoni topanda chingwe, tija timakhala m'kabokosi. Madandaulo ake amakhala awiri okhaokha. Wina amati ka kumanja kamazima ka kumanzere kadakali ndi moto, wina amati kabokosi kakukana kutchaja. Pafupifupi onse amabwera atagamula kale kuti batire yafa. Nthawi zina imakhaladi itafa, koma mwa timene ndagwirapo, tambiri tinkangofunika kupukuta kapena kusintha chingwe. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu amandifunsa atakhala pabenchi kudikira.

Kamodzi kamazima kanzake kadakali ndi moto. Kodi ndiye kuti batire yake yafa?

Musafulumire. Yambani ndi kufunsa ngati kahedifoniko kanadzadza moto n'komwe musanakaike kukhutu. Mkati mwa kabokosi muli timapini tiwiri kapena titatu pa malo a kahedifoni kalikonse, ndipo pansi pa timapinito pali tisipuling'i tating'ono kwambiri. Timapiniti timagunda timadontho tachitsulo timene tili pa kahedifoni, ndipo moto umadutsa pamenepo basi. Malo ake ndi ochepa ngati mutu wa singano. Kafumbi pang'ono kosakanikirana ndi thukuta ndi litsiro la m'khutu kamakwanira kutseka njira.

Zikatero, inu mumabweza tonse tiwiri m'kabokosi usiku, kamodzi n'kudzadza, kanzake n'kugona ndi njala. M'mawa kanjalako kamayamba ntchito ndi moto wotsala dzulo, n'kuzima patangopita mphindi 20. Batire yake ilibe vuto. Sikanadye.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndimachidalira kwambiri. Bwezani tonse tiwiri, tsekani kabokosi, ndiye yang'anani pa Bluetooth ya foni yanu. Ngati foni ikusonyezabe kuti yalumikizana ndi timahedifonito, ndiye kuti kamodzi sikanazindikire kuti kalowa m'nyumba. Mitundu yambiri imazima ikangomva magetsi a timapini tija, ndipo kamene sikanawamve kamakhalabe maso usiku wonse, kukhetsa moto umene kanali nawo. Anthu a vuto limeneli amadandaulanso kuti akayankha foni mawu samveka, chifukwa mawuwo akupita kukahedifoni kamene kali m'thumba.

Ndipukute bwanji osawononga?

Tengani kathonje kokulunga pa kamtengo, kaja ena amatokosera m'khutu, mukanyowetse pang'ono ndi sipiriti. Wabwino ndi amene timatsukira mabodi a mafoni, koma wa ku famase nayenso amagwira ngati simunathire wambiri. Kathonjeko kangonyowa, kasadonthe. Pukutani timadontho ta pa kahedifoni mpaka tiwale, kenako timapini ta m'kabokosi. Litsiro louma m'mphepete mulichotse ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena mswachi wouma. Dikirani mphindi 5 kuti ziume musanabweze.

Madzi ayi. Sanitaiza yolemera ija nayonso ayi, chifukwa imasiya tinthu tonanda timene timakola fumbi lina. Wina anandifunsapo za kachasu, ndipo ndinamuuza kuti mmenemo muli madzi ambiri kuposa mmene akuganizira. Singano ndi lezala musagwiritse ntchito: zimapala utoto wagolide umene umateteza timadonthoto ku dzimbiri, komanso chitsulo chikagunda timapini tiwiri nthawi imodzi chimagundanitsa magetsi.

Mukatha kupukuta, dinikizani kapini kalikonse ndi kamtengo kaja. Kayenera kulowa n'kubwerera kokha. Ngati kamodzi kakhalira pansi, kofupika poyerekeza ndi tinzake, vuto mwalipeza. Kawirikawiri kadontho ka sipiriti ndi kudinikiza kangapo zimakamasula. Kakakana, pindani kapepala kakang'ono muike pamwamba pa kahedifoni kuti chivundikiro chizikakanikizira pansi. Sizioneka bwino, koma ndikudziwa anthu amene ayenda nako miyezi.

Kuno ku Lilongwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndi bwino kupukuta sabata iliyonse. Amene amayenda misewu yafumbi ya ku Chinsapo kapena ku Mtandire akudziwa mmene kolala ya malaya imaonekera madzulo. Fumbi lomwelo limalowanso m'kabokosi, ndipo maginito amene amakoka timahedifoni amakolanso tizitsulo tosaoneka ndi maso.

Ndangogula dzulo, koma kamodzi sikakutchaja. Andibera?

Mwina ayi. Tatsopano tambiri timabwera ndi kapulasitiki kopyapyala komatidwa pa timadontho tija, kuti tisamatchaje tili m'sitolo. Kena kamakhala kabuluu, kena koyera kosaoneka. Onani bwino mukamatule. Ngati munasintha timphira ta kukhutu n'kuika tatikulu, bwezerani takale muyesenso, chifukwa kamphira kakakulu kamakweza kahedifoni kuti kasafike pa timapini.

Nanga ndidziwa bwanji kuti ndi batiredi?

Ndi wotchi. Maperesenti a pa foni musawakhulupirire kwambiri, chifukwa pa totchipa tambiri amadumpha khumikhumi, ndipo nthawi zina amasonyeza a kahedifoni kamodzi kokha.

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa kabaza wa njinga yamoto wa ku Kawale. Anabwera masana ena akuti, "Achimwene, ka kumanjaka kakungotha theka la ola. Ka kumanzere kali bwinobwino." Tinapukuta kaye, tinayesa timapini, tonse tinali bwino, ndipo kagetsi ka kahedifoni kanayaka titakabweza, kusonyeza kuti moto ukulowa. Ndinamuuza kuti akachite izi kunyumba: atchaje kabokosi mpaka kadzadze, asiye timahedifoni mkati maola awiri, kenako atulutse ka kumanzere kokha, aike nyimbo voliyumu ili pakati, alembe nthawi imene wayamba ndi imene kazima. Mawa lake achite chimodzimodzi ndi ka kumanja kokha, foni yomweyo, voliyumu yomweyo.

Anabwera ndi yankho: ka kumanzere maola atatu ndi mphindi 40, ka kumanja mphindi 35. Apa panalibenso chokambirana. Kahedifoni kali kokha kalibe kanzake kokalemetsa, ndiye kusiyana kotere n'kwa batire. Ndinamufunsanso kuti kamatenga nthawi yotani kuti kadzadze, ndipo anati kagetsi kamazima msanga kwambiri, mwina mphindi khumi. Batire yokalamba imatero. Imadzadza msanga chifukwa malo osungira moto achepa, ngati ndowa imene yadzadza mchenga mpaka pakhosi.

Chifukwa chake chinatuluka nditamufunsa mmene amavalira. "Ndimavala kamodzi kokha, achimwene, khutu linalo ndimverere magalimoto." Kwa chaka chathunthu ankavala ka kumanja, kuyankha makasitomala ndi kumvera nyimbo, kukabweza kakatha, kukatulutsanso kakadzadza, kawiri pa tsiku. Kawiri pa tsiku kwa chaka ndi maulendo opitirira 700. Mabatire amtundu umenewu amayamba kufooka moonekera akatha n'kudzadzanso maulendo 300 mpaka 500. Ka kumanja kanali katagwira ntchito ya zaka ziwiri, ka kumanzere kadakali ngati katsopano. Ndinamuuza kuti ayambe kuvala ka kumanzere, ndipo akadzagula ena azisinthasintha: lero kumanja, mawa kumanzere.

Kuyesaku kukanasonyeza kuti tonse tiwiri timatha maola ofanana tikakhala patokha, bwenzi tikufufuza kwina.

Tonse n'tatsopano, n'toyera, koma kamodzi kamatsogolabe kutha. Bwanji?

Chifukwa ntchito zake sizifanana. Pa mitundu yambiri, makamaka yotchipa, kahedifoni kamodzi ndi kamene kamalankhula ndi foni, n'kumauza kanzake zochita. Kotsogolerako kamadya moto wambiri. Mukamayimba foni, maikolofoni imene imagwira ntchito nthawi zambiri imakhala ya kamodzi, ndipo kuyimba foni kumadya moto kuposa kumvera nyimbo. Ngati kamodzi katha maola anayi, kanzake n'kutsalira ndi mphindi 20 kapena 30, palibe chawonongeka. Pa mitundu ina kamene mwayamba kutulutsa m'kabokosi ndi kamene kamatsogolera, ndiye yesani kuyamba ndi kenako muone ngati zisinthe.

Palinso kena kamene anthu sakaganizira. Kasefa ka kahedifoni kamodzi kakatsekeka ndi litsiro, mawu amachepa mbali imeneyo, inu n'kukweza voliyumu, tonse tiwiri n'kumatha msanga. Mswachi wouma umathetsa zimenezo, bola kasefako kayang'ane pansi potsuka kuti litsiro ligwe kunja.

Kabokosi sikakutchaja n'komwe. Ndiyambire pati?

Yambirani kukhoma, muzibwera chakukabokosi, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Lumikizani foni pa tchaja yomweyo ndi chingwe chomwecho. Foni ikakana, kabokosi kalibe mlandu. Foni ikatchaja, musafulumirebe kuweruza kabokosi, chifukwa pali msampha umene wadyetsa anthu ambiri ndalama.

Mayi wina wogwira ntchito ku Kanengo anabwera ndi kabokosi ka miyezi iwiri. "Bambo, kafa aka. Ndakasiya usiku wonse pa tchaja ya foni yanga yatsopano, ngakhale kagetsi osayaka." Ndinapempha kuona tchajayo. Inali yamphamvu, chingwe chake cha USB-C mbali zonse ziwiri. Ndinatenga mutu wakale wa kabowo kakakulu ka USB-A ndi chingwe wamba, kagetsi kanayaka pomwepo.

Chimachitika n'chakuti tchaja ya USB-C siitulutsa moto isanatsimikize kuti kutsogolo kuli chinthu chofuna kutchajidwa. Imadziwira pa tizipangizo tiwiri tating'ono ta 5.1 kΩ timene timayenera kukhala kuseri kwa kabowo ka chinthucho. Opanga timabokosi totchipa ena amatisiya pofuna kuchepetsa mtengo. Ndiye tchaja yabwinobwino imangokhala chete, poganiza kuti palibe chalumikizidwa. Mutu wa USB-A sufunsa, umangopereka 5V kwa aliyense. Choncho chingwe chachifupi chija chinabwera m'paketi, chimene ambiri timataya tsiku loyamba, n'chimene chimagwira.

Chingwe chikakhala chabwino, unikani m'kabowo ndi tochi ya foni. Kabokosi kamakhala m'thumba la thalauza, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumatsendera tiulusi ndi fumbi mkati, mpaka chingwe chimaleka kufika kumapeto. Mudzadziwa chifukwa chimagwedera ndipo sichimveka kuti thi polowa. Tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola, kuzungulira kalilime ka pakati osakakankha. Zimene zimatuluka mmenemo zimadabwitsa eni ake.

Ngati kagetsi kamayaka mukagwira chingwe mopendeka n'kuzima mukasiya, ndipo zingwe ziwiri zosiyana zikuchita chimodzimodzi, ndiye kuti kabowo kathothoka pa bodi. Imeneyo ndi ntchito yowotcherera, bweretsani kwa okonza.

Kabokosi kanakhala m'kabati miyezi inayi, tsopano sikakuyaka. Katheratu?

Kapatseni nthawi. Batire imeneyi ikadzadza imakhala pa 4.2V, ndipo ikatsika pansi pa 3V kachipangizo koiteteza kamayamba kuidula. Potchaja batire yotere, moto umalowa pang'onopang'ono kwambiri poyamba, ndipo pa mitundu ina kagetsi sikayaka mpaka itakwerako. Tulutsani timahedifoni kuti tisalande moto wochepawo, lumikizani kabokosi pa mutu wa USB-A, musiye ola limodzi pamalo pamene mukukaona. Kakafunda pang'ono palibe vuto. Kakatentha moti simungakagwire, zulani pomwepo. Pakatha maola awiri popanda chizindikiro chilichonse, batire ya kabokosi yapita.

Kabokosi kakatheratu moto, pa mitundu yambiri yotchipa timahedifoni timadzuka tokha mkatimo n'kuyamba kufuna foni, mpaka natonso titatheratu. N'chifukwa chake kusiya kabokosi kopanda moto kwa nthawi yaitali kumapha mabatire atatu pamodzi. Ngati mukusunga, kasiyeni ndi moto wa theka ndipo muzikagwiritsako tchaja mwezi uliwonse.

Magetsi akazima ndimatchajira pa pawabanki, koma imazima yokha pakapita kanthawi. Vuto ndi chiyani?

Vuto ndi kuchepa kwa kabokosiko. Pawabanki inapangidwira foni, ndipo ikaona kuti moto umene ukutuluka wachepa kwambiri imaganiza kuti foni yadzadza, n'kudzizimitsa. Kabokosi kali ndi batire ya pakati pa 300 ndi 500 mAh, pamene foni zambiri lero zili ndi 5000 mAh. Kamakoka moto wochepa, ndipo kakamayandikira kudzadza kamakoka wochepa kwambiri. Pawabanki imadula kasanadzadze, inu n'kumadabwa kuti kabokosi sikakusunga moto.

Mapawabanki ena ali ndi njira ya tinthu tating'ono, imene imayamba mukadina batani kawiri kapena mukaligwira kwa masekondi angapo. Kapepala kake kamanena. Ngati yanu ilibe koma ili ndi mabowo awiri, tchajani foni ndi kabokosi nthawi imodzi, foniyo igwire pawabanki kuti isagone.

Kodi tchaja yamphamvu ingawotche kabokosi?

Yeniyeni ayi. Imayamba pa 5V ndipo imakwera pokhapokha chinthu cholumikizidwacho chitapempha, ndipo kabokosi sikapempha. Zoopsa ndi matchaja achinyengo opepuka ngati chikwatu cha machesi, ndi timitu tosadziwika tolumikiza pa batire ya sola kapena mu minibasi, timene magetsi ake amakwera n'kutsika. Kabokosi kamene kanamveka fungo la kupsa kali pa tchaja yotere nthawi zambiri kamakhala katapsa kachipangizo kolandira moto.

Kabokosi kamayenera kudzadza timahedifoni kangati?

Werengani nokha. Kahedifoni kamodzi kamakhala ndi batire ya pakati pa 30 ndi 60 mAh. Titenge 40. Tiwiri ndi 80. Kabokosi ka 300 mAh pamapepala kangadzadze pafupifupi kanayi, koma moto wina umatayika posamutsa, ndiye katatu n'koyenera. Mukaona pa paketi ya kabokosi kochepa ngati bokosi la machesi atalemba 2000 mAh, ingodziwani kuti batire yotero singakwanemo.

Ngati kale kankadzadza katatu ndipo lero kamodzi kokha, yang'anani chivundikiro musanatsutse batire. Mitundu yambiri imadziwa kuti yatsekedwa chifukwa cha kamaginito ka m'chivundikiro. Chivundikiro chikagwedera, kabokosi kamadzuka n'kugona tsiku lonse m'thumba, moto n'kumatha. Mangani ndi kalabala usiku umodzi muone ngati m'mawa moto ulipo.

Kurisetinga kumathandiza?

Kumathandiza ngati kamodzi kasiya kumvana ndi kanzake, kapena maperesenti asokonekera. Batire yotha sikuidzutsa. Kachitidwe kake kamasiyana: ena mumagwira batani la kabokosi masekondi 10 mpaka 15 chivundikiro chili chotsegula, ena mumagwira timahedifoni tomwe. Musanatero chotsani dzina lake pa foni, pamene pamalembedwa Forget kapena Unpair, kuti zikayambe mwatsopano.

Kutentha ndi mvula zimakhudza?

Kwambiri, ndipo kutentha n'kumene kumapha mwakachetechete. Mabatire amenewa safuna kutchajidwa kutentha kukapitirira madigiri 45, ndipo kutsogolo kwa galimoto yoimikidwa padzuwa mu Okutobala kumapitirira pamenepo kutali. Pawindo la nyumba yamalata masana n'chimodzimodzi. Batire yodzadza ikakhala pamoto wotere imakalamba msanga, ndipo mphamvu yotayikayo siibwerera.

Pa za madzi, chilembo cha IPX4 chimene chimakhala pa paketi chimatanthauza kuti timahedifoni tingapirire thukuta ndi madontho. Kawirikawiri sichikhudza kabokosi. Mukachoka kothamanga kapena mvula ikakupezani pa depoti, pukutani timahedifoni tiume musanatibweze. Thukuta lili ndi mchere, ndipo mchere ukakumana ndi magetsi pa timapini umabala dzimbiri lobiriwira m'masiku ochepa.

Batire ikafadi, mungasinthe?

Ya kabokosi nthawi zambiri inde, chifukwa kamatseguka ndipo kabatire kake kali ndi mawaya awiri, bola tipeze kofanana kukula. Ya kahedifoni ndi nkhani ina. Kanamatidwa ndi guluu, mkati muli mawaya opyapyala ngati tsitsi, ndipo kabatire koyenera sikapezeka wamba. Ngakhale zitatheka, kotsegulidwa sikatetezanso thukuta ngati kale. Pa totchipa ndimauza munthu chilungamo kuti ntchitoyo idya ndalama yofanana ndi kugula tatsopano. Pa todula ndi pamene tingayese.

Kugula kamodzi kakaunjika kuti kalowe m'malo mwa kakufa ndi juga. Tingafanane maonekedwe koma mkati muli zosiyana, n'kukana kugwirizana. Ngati mukufunabe, pitani ndi kabokosi ndi kanu kotsalako, muyesere pomwepo musanalipire.

Pogula ndione chiyani kuti ndisabwerenso ndi vuto lomweli?

Pemphani wogulitsa akulumikizireni kabokosi pa tchaja muone kagetsi. Tulutsani kahedifoni kalikonse n'kukabweza, muone ngati kakusonyeza kuti kakutchaja. Tengani lisiti, ndipo mugwirizane masiku obweza. Mkati mwa masiku amenewo chitani mayeso a wotchi aja, chifukwa katundu wina amakhala nthawi yaitali m'sitolo ndipo batire imakalamba ngakhale isanagwirepo ntchito.

Kabokosi katupa, chivundikiro sichikutsekanso. Nditani?

Lekani kukatchaja lero lomwe. Batire yatupa ndi mpweya, ndipo kuikanikiza kapena kuiboola kungayatse moto. Kahedifoni kamene kang'ambika pamsoko kapena kamatentha kali kukhutu nakonso kachotseni. Ikani mu chitini chopanda kanthu panja pamthunzi, kutali ndi ana, mpaka mutapita nako kwa okonza mafoni. M'dzenje la zinyalala limene mumayatsa madzulo musaponyemo, chifukwa kabatire kameneka kakapsa kamaphulika.